Kodi munthu wanjala ali pa ufulu?

Bambo a Mphatso: A Yamikani, zija munalemba dzulo zoti 1994 inatimasula, ine sindinagone nazo. Inatimasula ku chiyani? Kamuzu pa msonkhano uliwonse ankanena zinthu zitatu: anthu anga adye, avale, agone m'nyumba yosadontha. Kwathu ku Kasungu msika wa Admarc unali pafupi, feteleza tinkamugula. Lero mutha kunyoza pulezidenti pa wailesi mpaka mawu kusasa, palibe amene akugwireni. Koma mukafika kunyumba mupeza ana agona ndi njala. Ufulu sadya.

Yamikani: Bambo, nkhani mukuikambayi ili m'mabuku. Tinaiphunzira chaka chatha. Ufulu uli pawiri. Wina amautcha wa negetivu, ndiye kuti boma likusiye, lisakugwire, lisakutseke pakamwa. Wina amautcha wa pozitivu, ndiye kuti boma likupatse zinthu monga sukulu, chipatala ndi feteleza wotsika mtengo. Kamuzu anapereka wachiwiriwu n'kulanda woyamba. 1994 inabweza woyamba koma wachiwiri unachepa. Ndiye tonse tikulondola, basi.

Chikondi wa ku Joni: Ndiye wa negetivuwo ndi uja wa ana a masiku ano, wovala zosalongosoka n'kumati ndi ufulu wanga? Ngati ndi umenewo, ndili mbali ya Bambo a Mphatso.

Yamikani: Ayi achimwene, si nkhani ya wabwino ndi woipa.

Aphunzitsi a Gondwe: Ndilowepo pang'ono. Yamikani, mbali yoyamba mwaitenga bwino, koma yachiwiri mwaipotoza, ndipo kupotoza kwake ndi komwe kumasokoneza mikangano yambiri ya ndale.

Amene anatchukitsa kusiyanitsa kumeneku ndi katswiri wa maganizo a ndale Isaiah Berlin, pa nkhani imene anakamba ku Oxford mu Okutobala 1958, chaka chomwe Kamuzu anabwerera kumudzi. Iyeyu anabadwira ku Riga mu 1909, ali mwana anaona ndi maso zipolowe za 1917 ku Petrograd, banja lake n'kusamukira ku Britain mu 1921. Ndiye pamene ankalankhula, maso ake anali pa maboma a chikomyunizimu amene ankatsekera anthu m'ndende uku akunena kuti akuwamasula.

Iye anati pali mafunso awiri osiyana. Loyamba: kodi bwalo limene ndingachitiremo zanga popanda munthu wina kunditchinga ndi lalikulu bwanji? Lachiwiri: kodi amene akulamulira moyo wanga ndani, ine kapena wina? Ufulu woyamba ndi woti andisiye. Wachiwiri ndi wodzilamulira ndekha, kukhala mwini wa zochita zanga. Kuponya voti kuli mu wachiwiriwu, chifukwa ndi kutenga nawo mbali posankha wondilamulira. Kuponi ya feteleza si ufulu wa mtundu uliwonse mwa iwiriyi. Ingathandize munthu kuti ufulu wake ukhale ndi phindu, koma ndi chinthu china.

Mukayeza choncho, nthawi ya chipani chimodzi inalibe onse awiri. Sankakusiyani, komanso wolamulira simunkamusankha. Kamuzu anali pulezidenti wamuyaya kuyambira 1971.

Bambo a Mphatso: Koma tinkadya, aphunzitsi.

Aphunzitsi a Gondwe: Ambiri ankadya, sindikutsutsa, ngakhale kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 inadandaula za kusiyana kwa olemera ndi osauka nthawi yomweyo. Chimene ndikupempha n'choti kudya tikutche kudya. Mukhoza kunena kuti "ndinalolera kutsekedwa pakamwa chifukwa nkhokwe inali yodzadza." Amenewo ndi malonda, ndipo tingakambirane ngati anali abwino. Koma mukanena kuti "nkhokwe yodzadza ndiwo ufulu weniweni," mwafufuta mtengo umene munalipira, ndipo amene anaulipira kwambiri sangadandaulenso, chifukwa pa mawu anuwo sanataye kanthu.

Komanso poti ndinu a ku Kasungu: mlimi wamng'ono ankaloledwa kulima fodya wa bale?

Bambo a Mphatso: Ayi, bale anali wa maesiteti. Ife tinkalima fodya wa chikopa n'kugulitsa ku Admarc pa mtengo umene iwo anena. Amene ankafuna ndalama za bale ankapita kukakhala tenanti.

Aphunzitsi a Gondwe: Ndi zomwezo. Lamulo linkakutchingani kulima mbewu ya ndalama pa munda wanu womwe, mpaka linayamba kumasuka cha mu 1990. Kutchingidwa kumeneko n'kusowa ufulu woti akusiyeni, ndipo kunkakhudza poto mwachindunji. Ndiye nthawi zina ufulu umadyedwa ndithu.

NaBanda: Ine za mabuku sindizidziwa, ndine namwino chabe, koma nthawiyo ndinaiona. Ndili mtsikana, mayi anga ananditenga kumsika kukagulitsa nyemba. Pachipata panali anyamata atakhala pa benchi, chingwe atachikoka kuchokera pa mtengo kufika pa mtengo wina. Wopanda khadi la chipani samadutsa. Mayi anamasula kansalu kamene ankamangamo ndalama, n'kugula makhadi awiri, lawo ndi langa, nyemba zisanagulidwe ngakhale mbale imodzi. Chimene sindiiwala n'choti mnyamata wolembayo ankamwetulira, ndipo anati, "Mayi, izitu n'zothandiza inu nomwe." Ndikukhulupirira kuti iye ankazionadi choncho.

A Mboni za Yehova anakana makhadiwo. Mpingo wawo unaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anthu zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zawo zitatenthedwa. Ifenso akazi, lamulo la 1973 linatiletsa thalauza ndi siketi yoonetsa mawondo mpaka 1993. A Chikondi, zovala mukuzinenazo tinalamulidwapo kale ndi boma.

Chikondi wa ku Joni: Pepani mayi, sindimafuna kufika kumeneko. Koma mwambo unalipo.

Aphunzitsi a Gondwe: Mawu a mnyamata uja, mayi NaBanda, ndiwo phata la zimene Berlin ankaopa. Ufulu wodzilamulira pawokha ndi chinthu chabwino, iye sanaunyoze. Koma onani mmene umapotokera, ndipo umapotoka pang'onopang'ono.

Poyamba timavomereza kuti munthu akhoza kukhala kapolo wa zilakolako zake. Chidakwa chimene chalandira malipiro lero, chikudziwa kuti fizi ya mwana ikufunika, koma miyendo ikuchitengera ku kachasu. Palibe wachigwira, koma tonse timati sichikudzilamulira. Apa tamugawa munthu pawiri: iye wanzeru, ndi iye wa zilakolako. Mpaka pano palibe vuto.

Kenako wina amabwera n'kunena kuti, "Zimene iwe wanzeruyo ukufuna ndikuzidziwa ine kuposa iwe." Pomaliza amati, "Iwe weniweni si thupi lakoli ayi, ndi mtundu wako, chipani chako, dziko lako, ndipo amene amayankhulira mtunduwo ndine." Zikafika apa, akakukakamizani amati sanakulandeni kanthu, angothandiza inu weniweni kugonjetsa inu wopusa. Katswiri wina wa maganizo a ndale, Rousseau, analemba mu 1762 kuti wokana chifuniro cha gulu akakamizidwe kukhala mfulu. Ganizo lomwelo ndi limene linkalola kuti kumvera ndi kusunga mwambo zikhale ngodya za dziko lomwe linkati lalandira ufulu mu 1964.

Chizindikiro chodziwira kuti zafika poipa ndi ichi: kukana kwanu sikuwerengedwanso ngati kukana. Mukati "sindikufuna," amati "sunazindikire," kapena "akunamiza." Boma loona mtima limati, "Tikudziwa simukufuna, tikukukakamizani pa chifukwa chakuti, ndipo mutha kutitengera kukhoti." Kumeneko n'kukakamizabe, koma inu mukadalipo ngati munthu wokana.

Tadala: Ine ndili ndi funso koma musandiseke. Ndimagulitsa kaunjika ku Limbe. Agogo anga atadwala ku Karonga ndinalephera kupita chifukwa ya basi inalibe. Palibe anandiletsa. Wapolisi sanandigwire, lamulo loletsa kupita ku Karonga kulibe. Ndiye malinga ndi aphunzitsi, ndinali pa ufulu wonse? Chifukwa ine sindinamve choncho.

Yamikani: Ndi zomwe ndimanena zija. Ufulu wopanda ndalama ndi wa pa pepala.

Aphunzitsi a Gondwe: Tadala, funso lakoli anthu ophunzira akangana nalo kwa zaka zambiri ndipo silinathe. Berlin akanati unali ndi ufulu koma unalibe zokuyenereza kuugwiritsa ntchito, ndipo kusowa kumeneko n'koipa, kofunika kukonzedwa, koma dzina lake ndi umphawi. Sankadana ndi boma lothandiza osauka ayi. Mu 1969 analemba momveka kuti kusiyira zonse msika kunazunza anthu ambiri, ana m'migodi ndi m'mafakitale. M'nkhani ya 1958 ija ananenanso kuti ngati umphawi wako wabwera chifukwa cha dongosolo limene anthu ena anakonza, ukhoza kuutcha kuponderezedwa.

Koma G. A. Cohen, amene anadzakhala pa mpando wa uprofesa umene Berlin anakhalapo ku Oxford, anatsutsa. Ndikuyankhe m'njira yake. Ukanakwera basiyo wopanda ndalama, chikanachitika n'chiyani?

Tadala: Kondakitala akananditsitsa pa Lirangwe pomwe. Ndikanavuta akanandisiya pa rodibuloko.

Aphunzitsi a Gondwe: Ndiye munthu wokutchinga alipo, ndipo kumbuyo kwake kuli lamulo ndi wapolisi. Sunamuone chifukwa unadziwiratu n'kukhala pansi. Pa ganizo la Cohen, kusowa ndalama n'kusowa ufulu woyamba uja, woti asakutchinge, popanda kubwereka wachiwiri. Ine pano ndimapendekera kwa Cohen. Koma ndimasungabe chenjezo la Berlin, chifukwa kondakitala akakutsitsa ukhoza kukwera ina ukapeza ndalama, kapena wachibale akakutumizira pa foni. Amene dzina lake lili pa mndandanda wa boma woti asatuluke m'boma lake, ngakhale atanyamula thumba la ndalama sapita. Zonse ziwiri n'zowawa koma mankhwala ake ndi osiyana.

NaBanda: Tiyeni titenge nkhani imene tonse tinaiona, chifukwa ine mpaka lero imandivutitsa. Epulo 2020. Boma linalengeza pa 14 kuti kuyambira pa 18 dziko litsekedwa kwa masiku 21 chifukwa cha Covid. Mavenda anachita zionetsero ku Blantyre ndi ku Mzuzu. A HRDC, bungwe lomenyera ufulu wa anthu, anapita kukhoti, ndipo pa 17 jaji Kenyatta Nyirenda anaimitsa zonse. Anthu anavina m'misewu. Ife m'mawodi tinalibe zodzitetezera zokwanira, ndipo tinkawerenga za ku Italy. Ine ndinaona ngati dziko lasankha msika kusiya miyoyo. Aphunzitsi, ufulu wanu uja woti andisiye, pa matenda opatsirana umagwira bwanji? Iwe akakusiya, ine ndi amene ndikakulandire ukubanika.

Tadala: Mayi, ine ndinali nawo pa zionetserozo. Ndikuuzeni mmene zinalili. Belo ndinali nditangotsegula, la ngongole ya ku banki m'khonde, yobweza sabata iliyonse. Ndalama ya ndiwo ndi makala imachokera pa zimene ndagulitsa tsiku lomwelo. Ufa umene unali m'nyumba sukanafika sabata. Madzi timagula pa kiyosiki, ndiye ngakhale kusamba m'manja kumene ankanenako kumafuna kuti ndituluke ndi ndalama. Anati misika ikuluikulu itsekedwa, koma sananene kuti tidya chiyani. Sitinkakana kuti matenda alipo.

Aphunzitsi a Gondwe: Nkhaniyi ndi yabwino kuiyala, chifukwa aliyense pa nthawiyo ankafuula za ufulu koma akunena zinthu zosiyana. Ndiona zinthu zitatu zimene zinasakanizika.

Lamulo lotseka linali kulanda ufulu woti akusiyeni, poyera: kuyenda, kugulitsa, kusonkhana, kupemphera pamodzi. Izi sizitanthauza kuti linali lolakwa. Mayi NaBanda akulondola, ndipo ngakhale John Stuart Mill, amene anateteza kwambiri ufulu wa munthu payekha mu 1859, anavomereza kuti boma likhoza kukuletsa pofuna kuteteza ena kuti usawavulaze. Matenda opatsirana ndi chitsanzo chenicheni. Malamulo athu aakulu nawonso, pa gawo 44, amalola kuchepetsa maufulu ena ngati kuchepetsako kuli m'lamulo, n'koyenera, ndipo n'kofunikadi m'dziko la demokalase. Ndiye funso silinali loti kaya boma lingatseke kapena ayi. Linali loti mtengo wake ndi wotani, ndipo aulipira ndani.

Apa ndi pamene mawu a Tadala akulowa. Lamulo linali limodzi kwa onse, koma wa pa malipiro a pamwezi, wa firiji ndi mpopi m'nyumba, ankataya maulendo ndi macheza. Tadala ankataya chakudya. Mukangowerenga zitseko zimene zatsekedwa, awiriwa ataya zofanana. Mukafunsa kuti chitseko chilichonse chinali cholowera kuti, mupeza kuti sizikufanana n'komwe. Katswiri wina, Charles Taylor, ananena zonga zomwezi mu 1979: dziko la Albania linali ndi maloboti a pamsewu ochepa kuposa Britain, ndiye anthu ake ankaimitsidwa kochepa pa tsiku, koma chipembedzo chinali choletsedwa. Palibe wanzeru anganene kuti Albania inali pa ufulu wochuluka. Kuwerenga zoletsa kokha sikukwanira, pamafunika kuyeza kulemera kwake.

Chachitatu ndi funso lachiwiri lija la Berlin: walamula ndani? Malamulowo anawalemba ndi nduna ya zaumoyo pansi pa lamulo la zaumoyo. Ndipo kumbukirani kuti pa 3 Febuluwale chaka chomwecho khoti linali litafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, tikudikira chisankho chatsopano. Ambiri ankakayikira kuti kutsekako n'kozembera chisankho. Kaya kukayikirako kunali koona kaya ayi, madandaulo amenewo anali a ufulu wodzilamulira: otitsekerawa tinawatuma ndife? Mu Seputembala majaji atatu anagamula kuti malamulo otsekawo anasemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Boma linkalanda maufulu akuluakulu kudzera pa cholembera cha nduna, osadzera njira yokhwima imene malamulo aakulu anaika ya nthawi ya ngozi, komanso linali lisanakonze zothandizira osauka.

NaBanda: Ndiye mukuti khoti linalondola.

Aphunzitsi a Gondwe: Pa njira imene boma linadzera, inde. Koma sindinganene kuti palibe chimene tinataya. Chimene kusiyanitsaku kumathandiza n'choti tione kuti dandaulo lililonse linali ndi yankho lake. La Tadala yankho lake linali chakudya kapena ndalama zisanatsekedwe zipata. Boma linadzalengeza K35,000 pamwezi kwa mabanja osauka a m'mizinda kumapeto kwa Epulo, khoti litaimitsa kale. Dandaulo la walamula ndani yankho lake linali kudzera ku Nyumba ya Malamulo ndi njira ya malamulo aakulu. Akanachita ziwirizi, ufulu woyenda ukanalandidwabe, koma akanatha kunena moona kuti, "Tikukulandani ichi kwa masiku 21, pa chifukwa ichi, ndipo mtengo tigawana."

Yamikani: Koma aphunzitsi, Tadala akanapatsidwa K35,000 ija n'kukhala pakhomo, si ndiye kuti boma lamuwonjezera ufulu?

Aphunzitsi a Gondwe: Ayi, ndipo apa ndi pamene ndimaumirira. Likanamulanda ufulu n'kumupatsa chipukutamisozi. Mukazitcha kuwonjezera ufulu, tsiku la 22 likafika boma silikhalanso ndi chifukwa chotsegulira, chifukwa pa mawu anuwo palibe chimene linatenga choti libweze.

Tadala: Ndalamazo ine sindinaziwone n'komwe. Koma ngakhale ndikanalandira, ngongole ya belo inali palepale.

NaBanda: Ine sindinakhutirebe. Januwale 2021 tinaona zimene tinkaopa zija. Nduna ziwiri zinamwalira tsiku limodzi, pa 12, ndipo okosijeni ankasowa. Wodwala amene akubanika alibe ufulu wa mtundu uliwonse mwa iwiri mukunenayi. Sindikuti kutseka kwa Epulo kukanaletsa zimenezo, miyezi inali itapita yambiri. Koma anthu anatengapo phunziro loti boma likanena za matenda, yankho ndi kukhoti.

Chikondi wa ku Joni: Kuno anatseka zenizeni kuyambira pa 27 Malichi 2020, asilikali ali m'misewu, mowa ndi fodya zoletsedwa. Ife obwera ntchito zinaima, thandizo la boma ambiri sitinaliwone. Ndipo anthu anamwalirabe ambiri. Ndiye mayi, kutseka si kuti kumapulumutsa nthawi zonse. Koma zoletsa fodya zija, aphunzitsi, zikugwa mbali iti? Wosuta amadzipweteka yekha.

Aphunzitsi a Gondwe: Funso labwino, a Chikondi. Zimatengera chifukwa chimene boma lapereka. Likati osuta adzadzaza mabedi a m'chipatala amene ena akuwafuna, likunena zoteteza anthu ena, ndipo liyenera kubweretsa umboni. Likati tikukuthandiza kusiya chizolowezi choipa, lalowa m'njira ija ya ife tikudziwa zimene iwe weniweni ukufuna. Khoti la ku Western Cape linagamula mu Disembala 2020 kuti chiletso cha fodyacho sichinali chofunikira ndipo chinasemphana ndi malamulo aakulu a dzikolo. Umboni wa boma sunakwane.

Bambo a Mphatso: Ndawerenga zonse. Za bale ndavomera, zinkatipweteka. Koma aphunzitsi, inu muli ndi penshoni. Mukapita kumudzi kwathu mwezi wa Febuluwale n'kufunsa mayi amene akudya gaga kuti asankhe pakati pa thumba la chimanga ndi ufulu wonyoza boma, mukudziwa chimene asankhe.

Aphunzitsi a Gondwe: Asankha chimanga, ndipo inenso ndikanasankha chomwecho. Koma ndani wamuuza kuti ayenera kusankha chimodzi? Amartya Sen, katswiri wa zachuma wa ku India, anafufuza za njala zikuluzikulu, kuyambira ya ku Bengal ya 1943 imene anaiona ali mwana, n'kupeza kuti njala yopha anthu miyandamiyanda siichitika kumene kuli zisankho zenizeni ndi nyuzipepala zomasuka, chifukwa boma limaopa kuchotsedwa. Ku China pakati pa 1959 ndi 1961 anthu mamiliyoni ambiri anafa, akuluakulu a m'maboma akutumiza malipoti a zokolola zabodza, popanda wolimba mtima kunena zoona.

Yamikani: Koma njala ya 2002 inachitika kuno tili kale pa matipate, chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa.

Aphunzitsi a Gondwe: Zoona, ndipo anthu anafa. Nkhani imeneyo imaipatsa mavuto mfundo ya Sen, sindibisa. Chimene ndinganene n'choti mipingo, mabungwe ndi atolankhani ndi amene anakuwa mpaka boma linavomera mu Febuluwale 2002 kuti kuli njala, ndipo zogulitsa chimangazo zinafufuzidwa poyera. Kukuwako kunachedwa kupulumutsa ambiri.

Bambo a Mphatso: Ndiye kukuwa kunalipo, chimanga kunalibe. Ine ndikadali pomwe ndinali, kungoti za makhadi zija mayi NaBanda sindingazitsutse, nanenso ndinagula.

Tadala: Aphunzitsi, mawa ndikufunsani za malo ogulitsira. Akutichotsa m'mbali mwa msewu akuti tilowe mumsika, koma mumsikamo mabenchi anatha kale, ndipo ena ali ndi atatuatatu.